Masekondi 30 pa wailesi: uthenga wa sitolo ya hadiweya upemphe chinthu chimodzi

Munthu amene akumvera wailesi nthawi zambiri amakhala ali pantchito ina. Wina akusenda mtedza pakhonde, wina akupalasa kabaza, wina ali pamwamba pa khoma ndi chipande cha simenti m'manja pamene wailesi ikulira pansi pamulu wa njerwa. Alibe cholembera, ndipo sangabweze mawu amene amudutsa monga angachitire ndi tsamba la nyuzipepala. Mwini sitolo ya hadiweya akagula masekondi 30 pa wailesi, ameneyu ndiye munthu amene akumulankhula. Choncho funso loyamba asanalembe liwu lililonse likhale lakuti: munthuyu akamva uthenga wanga, ndikufuna achite chiyani? Yankho lake liyenera kukhala ntchito imodzi yokha, yoti itha kunenedwa ndi mpweya umodzi.

Eni masitolo ambiri amavutika kuvomereza zimenezi, ndipo chifukwa chake ndi chomveka. Sitolo ya hadiweya imakhala ndi katundu wa mitundu mazanamazana, ndipo mwini wake anaika ndalama pa chilichonse chimene chili pashelefu. Akalipira wailesi amafuna kuti katundu yenseyo atchulidwe, poopa kuti wina angafune mapaipi koma osadziwa kuti aliko. Mapeto ake uthenga umatuluka motere (tiyerekeze kuti sitoloyo ndi ya Auje, ndipo ili pa Mponela):

“Moni nonse omanga nyumba! Kwa Auje Hadiweya tili ndi simenti, malata, laimu, penti, misomali, mapaipi, mawilibala, mafosholo, zitseko, mafelemu, maloko, mawaya a magetsi ndi zina zambiri pa mitengo yotsika kwambiri. Tiyimbireni pa nambala iyi kapena iyi, titumizireni uthenga pa WhatsApp, tipezeni pa Facebook, kapena bwerani nokha. Timatsegula 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Auje Hadiweya, bwenzi la omanga!”

Aliyense amene amamvera wailesi anamvapo uthenga wonga uwu. Vuto lake loyamba ndi lakuti palibe chimene wauza womvera choti sankachidziwa. Sitolo ya hadiweya iliyonse imagulitsa simenti ndi misomali, ndipo iliyonse imati mitengo yake ndi yotsika. Mutachotsa dzina la Auje n'kuikapo la sitolo yoyandikana nayo, uthengawo ungakhalebe woona, kutanthauza kuti Auje alipira ndalama kulengezera masitolo onse a pamsikapo. Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa loyambalo. Womvera wauzidwa zochita zinayi: aimbe foni, alembe uthenga, afufuze tsamba, kapena abwere. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Munthu wopatsidwa njira zinayi pa masekondi ochepa sasankhapo ngakhale imodzi, amangoti ndidzaona, kenako nyimbo yayamba ndipo nkhaniyo yamuchoka m'mutu.

Tiyeni tiukonze uthengawu kuchokera pansi, tikadali pa chitsanzo chomwecho. Mponela ndi msika waukulu m'boma la Dowa, pa msewu wa M1 wochokera ku Lilongwe kupita ku Kasungu. Anthu a midzi yozungulira amalima fodya, soya, mtedza ndi chimanga, ndipo ndalama zimalowa m'matumba mwawo kuyambira cha mu Epulo pamene misika ya mbewu yatsegulidwa. M'chilimwe amaumba njerwa, kuziwotcha, n'kuimika makoma. Pofika mu Seputembala ndi Okutobala nyumba zambiri zimakhala zafika pamutu, ndipo mwini nyumba aliyense maso ali kumwamba podziwa kuti mvula imayamba cha mu Novembala. Pa nthawi imeneyi nkhawa ya munthu womanga ndi denga. Ngati Auje akulengeza mu Okutobala, katundu wawo wa pa wailesi ndi malata basi. Penti adikire nyengo ya Khrisimasi, makasu ndi zikwanje zili ndi nthawi yake. Munthu amene wabwerera malata aona yekha kuti misomali, matabwa ndi maloko zilimo, popeza maso ake agwira ntchito imene wailesi sikanakwanitsa.

Tikasankha malata, tifunsenso: chimavuta munthu wogula malata n'chiyani, kupatula mtengo? Amene anaimapo kuseri kwa kauntala amadziwa. Ambiri amafika osadziwa chiwerengero chenicheni cha malata amene nyumba yawo ifuna. Wina amagula operewera n'kubweranso patapita sabata, atalipira ngolo kawiri, mwinanso n'kupeza mtengo wakwera. Wina amagula aatali mopyola muyeso, kalipentala n'kumadula zidutswa zimene zatayitsa ndalama. Enanso amangodalira chiwerengero chimene mmisiri wawauza, uku mumtima akukayika ngati sanawonjezerepo awiri atatu. Pamenepa ndi pomwe sitolo ingalonjeze chinthu chenicheni chimene anzake sakulonjeza pa wailesi: kuwerengera munthu malata ndi misomali ya denga lake mosalipiritsa. Ndipo lonjezo limeneli limabala lokha pempho lathu limodzi lija, lakuti bwerani ndi muyeso wa nyumba yanu.

Pempho ili ndalikonda pa zifukwa zingapo. Munthu atha kulikumbukira popanda kulemba paliponse. Limamupatsa kantchito kakang'ono koti achite kunyumba, kutenga tepi kapena chingwe n'kuyeza khoma, ndipo munthu amene wayeza kale nyumba yake wayamba kale ulendo wa ku sitoloko. Silimuuza kuti agule, choncho ngakhale amene ndalama sizinakwane sachita manyazi kubwera. Pomaliza, limathandiza mwini sitolo kudziwa ngati wailesi yagwira ntchito, chifukwa aliyense wolowa ndi kapepala ka muyeso m'manja wachita kumva uthengawo kapena kuuzidwa ndi amene anaumva.

Tsopano nkhani ya nthawi. Masekondi 30 ndi ochepa kwambiri, ndipo mawu a Chichewa ndi aatali. Liwu limodzi monga “tikuwerengerani” lili ndi maphatikizo asanu ndi awiri, pamene “ndi” lili ndi limodzi. N'chifukwa chake kuwerenga chiwerengero cha mawu kumanamiza, ndipo ndi bwino kuwerenga maphatikizo. Ntchitoyi ndi yosavuta chifukwa pafupifupi phatikizo lililonse la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, kotero mungowerenga a, e, i, o ndi u amene ali mu uthenga wanu. Munthu wolankhula momveka bwino, mosathamanga, amatchula maphatikizo asanu kapena asanu ndi limodzi pa sekondi. Mukachotsa masekondi atatu kapena anayi a kamvekedwe koyambira ndi kupuma, mumatsala ndi masekondi 26 olankhula, omwe ndi maphatikizo a pakati pa 130 ndi 150. Nthawi zambiri amenewa amakhala mawu 50 kapena kupitirira pang'ono. Koma woweruza weniweni ndi wotchi ya pa foni yanu: werengani mokweza, monga mukulankhula ndi munthu amene ali kutsidya kwa bwalo, muone pamene masekondi athera.

Nawu uthenga wa Auje utakonzedwa:

(Kugunda kwa bingu, kenako madontho akugwera m'beseni. Masekondi atatu.)

MAYI: Abambo, denga ili litidonthera mpaka liti?

BAMBO: Malata ndigula, koma sindikudziwa kuti afunika angati.

WOLENGEZA: Musagule mongoganizira. Kwa Auje Hadiweya pa Mponela tikuwerengerani malata ndi misomali ya denga lanu mwaulere. Bwerani ndi muyeso wa nyumba yanu Okutobala asanathe. Kwa Auje Hadiweya, moyang'anana ndi siteji ya minibasi pa Mponela. Bwerani ndi muyeso wa nyumba yanu.

Mawu olankhulidwa mu uthengawu ndi 52, maphatikizo ake ndi 143. Owerenga bwino amaumaliza pa masekondi 26 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo pamodzi ndi bingu loyambirira umakwana mu masekondi 30 popanda kupanikiza.

Taonani mmene nthawiyo yagawidwira. Masekondi atatu oyamba mulibe liwu la munthu, muli phokoso la madontho m'beseni. Aliyense amene anagonapo m'nyumba yodontha amalidziwa phokoso limeneli, ndipo limamutembenuza khutu wolengeza asanatsegule pakamwa. Moni wautali, kapena nyimbo yongosangalatsa yosakhudzana ndi denga, zikanadya masekondi omwewo osanenapo kanthu. Masekondi asanu ndi awiri otsatira ndi a mayi ndi bambo, ndipo ntchito yawo ndi kutchula vuto m'mawu amene womvera amalankhula kunyumba kwake. Amalankhula kamodzi kamodzi basi. Sewero likapitirira apa limayamba kukoma palokha, anthu n'kumakumbukira nthabwala za bamboyo koma osadziwa kuti sitolo yake inali iti. Otsala onse, oposa theka la uthenga, ndi a wolengeza. Dzina la sitolo lamveka kawiri, Mponela kawiri, pempho kawiri, ndipo mawu omaliza kulowa m'khutu la womvera ndi pempho lenilenilo. Mwambi wa sitolo, monga “bwenzi la omanga” uja, wachotsedwa dala. Ukanakhala kumapeto ukanaphimba chinthu chimodzi chimene tikufuna munthu achoke nacho.

Pempholo labwerezedwa ndi mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi. Olemba ena amaona ngati kubwereza n'kusowa luso, ndiye koyamba amati “bwerani ndi muyeso”, kachiwiri n'kuti “tipezeni lero”. Kwa womvera amenewo ndi mapempho awiri. Pa wailesi kubwereza kumagwira ntchito imene maso amagwira pobwerera pa mzere wa pamwamba, ndipo amene anali kuthira madzi pamene pempho limanenedwa koyamba amalipeza kachiwiri lili chimodzimodzi.

Mwina mwadabwa kuti nambala ya foni mulibe. Nambala ya foni ya m'manja kuno ku Malawi ili ndi manambala khumi, ndipo pa wailesi amawatchula m'Chingerezi, limodzi limodzi, mopumira. Kuti munthu aimve bwino pamafunika masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo kuti aigwire iyenera kunenedwa kawiri. Pamenepo gawo limodzi mwa magawo atatu a uthenga wonse lapita, komanso munthu wa chipande cha simenti m'manja uja sanailembebe. Eni masitolo ena amaika ziwiri, ya TNM ndi ya Airtel, pofuna kuthandiza makasitomala onse, koma manambala makumi awiri otsatizana palibe mutu ungawasunge. Kwa sitolo imene makasitomala ake amafika pansi, pa njinga kapena pa ngolo, chizindikiro cha malo chimaposa nambala kutali. Chizindikirocho chikhale chimodzi, chodziwika kwa aliyense, ndipo chitchulidwe monga anthu a pamalopo amachitchulira: siteji ya minibasi, chigayo, filing'i siteshoni, msika wa nyama. Nambala ya puloti ndi dzina la nyumba imene sitolo ikuchita lendi sizithandiza munthu wa kumudzi.

Sikuti nambala ndi yoletsedwa nthawi zonse. Pali masitolo a m'tauni amene ntchito yawo yaikulu ndi kukatula simenti ndi zitsulo pamalo omangira, ndipo kasitomala safunika kufika pasitolo n'komwe. Kwa amenewa pempho limodzi lija ndi “imbani”, ndipo zikatero chizindikiro cha malo ndicho chichotsedwe kuti nambala ipeze mpata wonenedwa kawiri, m'magulu a manambala atatu atatu. Chimene sichitheka ndi kufuna zonse ziwiri. Sankhani phazi kapena foni.

Mtengo nawo ndausiya dala, ngakhale ndikudziwa kuti mtengo wabwino umakoka anthu kuposa china chilichonse. Uthenga wa pa wailesi umajambulidwa kamodzi n'kumaulutsidwa kwa masabata angapo, pamene mitengo ya malata ndi simenti imatsata kwacha. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amalonda amakumbukira mmene mitengo ya katundu wa zomangira inasinthira m'masiku ochepa otsatira. Mwini sitolo amene uthenga wake ukulengezabe mtengo wakale amakhala ndi njira ziwiri, zonse zowawa: kugulitsa moluza, kapena kuuza munthu amene wayenda ulendo wautali kuti mtengo wasintha. Munthu wotereyu sabweranso, ndipo amakauza mudzi wonse kuti Auje amanama pa wailesi. Palinso bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, la CFTC, limene limalandira madandaulo a ogula okhudza kutsatsa malonda monyenga. Ngati mwatsimikiza kutchula mtengo, utchuleni wonse: lata la geji yanji, la mafiti angati, pa mtengo wanji, mpaka tsiku liti. Geji ndi yofunika chifukwa nambala ikachepa lata limakhala lochindikala, kotero la geji 28 ndi lolimba kuposa la geji 32, ndipo mitengo yake imasiyana kwambiri. Kungoti “malata pa mtengo wakuti” osatchula geji n'kudziputira mkangano pakauntala. Ndipo muyambe mwawerenga katundu amene ali m'nyumba yosungiramo, kuti asathe uthenga ukadali pa wailesi.

Mawu akuti “Okutobala asanathe” ali ndi ntchito yawo. Pempho lopanda malire a nthawi munthu amalivomera mumtima koma amalisiyira mawa. Tikanatha kunena kuti “mvula isanagwe”, zomwe zimamveka bwino m'khutu, koma tsiku la mvula palibe amalidziwa ndipo aliyense amadziuza kuti ikadali kutali. Mwezi wotchulidwa dzina uli ndi tsiku lotha. Komabe malire amenewa akhale oona. Ngati pa 1 Novembala uthengawo ukumvekabe, kapena ngati chaka chonse sitolo imangoti mwayi utha sabata ino, anthu amaphunzira msanga kuti mawu a sitoloyo alibe kulemera. Muuzeni wa ku wailesi tsiku lomaliza kuulutsa, ndipo lilembedwe pa pepala la mgwirizano.

Gawo limene ambiri amaliiwala lili kuseri kwa kauntala. Uthenga walonjeza kuwerengera munthu malata, ndiye tsiku loyamba kuulutsa pakhale munthu wodziwa kuwerengako, ali ndi kope ndi kakyuleta. Tiyerekeze kuti mayi wina wafika ndi kapepala kolembedwa kuti nyumba yake ndi ya mamita 9 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi. Wogulitsa ayambe wafunsa mtundu wa denga, chifukwa la mbali ziwiri, la mbali zinayi ndi lotsetserekera mbali imodzi amawerengedwa mosiyana. Tinene kuti ndi la mbali ziwiri, ndipo mayiyo akufuna malata a IBR, amene lililonse limaphimba mamilimita 686 likalumikizidwa ndi linzake. Denga limapyola khoma pang'ono mbali zonse, tinene masentimita 30 uku ndi uku, choncho utali wake ndi mamita 9.6. Tikagawa 9.6 ndi 0.686 tipeza malata 14 mbali imodzi, kutanthauza 28 denga lonse. Utali wa lata lililonse umadalira kutsetsereka kwa denga. Theka la mulifupi ndi mamita 3, ndipo tikaonjeza kutsetsereka kwapakatikati ndi kupyola kwa m'munsi timafika cha pa mamita 3.6, omwe ndi malata a mafiti 12. Wogulitsa alembe zonsezi pa kapepala kokhala ndi dzina la sitolo, aonjezere zotsekera pamsonga ndi misomali, kenako auze mayiyo kuti akaonetse kalipentala wake asanagule, popeza kalipentalayo ndiye akudziwa mmene aimikire mitengo ya denga. Malata wamba a mizere amaphimba mosiyanasiyana malinga ndi fakitale, choncho wogulitsa ayeze amene ali m'sitolomo ndi tepi, asaloweze nambala imodzi ya malata onse.

Zonsezi zimatenga mphindi zisanu. Koma ngati mayiyo afika n'kupeza mnyamata wa pakauntala sakudziwa n'komwe kuti pa wailesi pali uthenga wotere, n'kumuyankha kuti abwana atuluka, ndalama zonse za ku wailesi zapita m'madzi. Ndimaona kuti ili ndi vuto lofala kuposa kulemba molakwika. Mwini sitolo amakambirana ndi a ku wailesi, kulipira, kumvera uthenga wake mokondwa ali m'galimoto, koma antchito ake osawauza chilichonse.

Uthenga usanapite ku situdiyo, uyeseni pa anthu enieni. Pezani munthu amene sagwira ntchito m'sitolo mwanu, makamaka amene ali pakati pa ntchito ina, mumuwerengere kamodzi kokha pa liwiro la pa wailesi. Chezani naye nkhani zina kwa mphindi zingapo, kenako mumufunse mafunso atatu: sitoloyo ndi ya yani, ili pati, ndipo akuti muchite chiyani? Akalephera funso loyamba, dzina lachedwa kubwera kapena lamira m'mawu ena. Akalephera lachiwiri, chizindikiro cha malo sichodziwika monga mumaganizira. Akayankha lachitatu kuti “akuti ali ndi malata”, ndiye kuti wamva katundu koma pempho silinamufike, ndipo muyenera kuchotsa mawu ena kuti liime poyera. Chitani zimenezi ndi anthu atatu kapena anayi osiyana, kuphatikizapo mayi, chifukwa m'mabanja ambiri mayi ndiye amakumbutsa za denga ndipo nthawi zina ndiye amasunga ndalama yake.

Ku situdiyo mukakhalepo nokha pojambula. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti uthenga ukatalika ndi masekondi anayi kapena asanu, wojambula amauthamangitsa pa kompyuta kuti ukwane. Mawu amatuluka othinana, opanda popumira, ndipo chimene chimavulala kwambiri ndi chiganizo chomaliza, chomwe ndi pempho lanu. Uthenga ukatalika, dulani mawu. Mwa Auje, choyamba kuchoka chingakhale “ndi misomali”, chachiwiri “Musagule mongoganizira”. Dzina, malo ndi pempho sizikhudzidwa. Nyimbo ya pansi ikhale yotsika ndipo isakhale ndi mawu oimbidwa, chifukwa khutu silingatsate anthu awiri olankhula nthawi imodzi. Mukamaliza musakhutire ndi mmene zikumvekera pa masipika akuluakulu a mu situdiyo. Tumizani uthengawo pa foni yaing'ono ya mabatani, muumvere panja pali phokoso, poti ndi mmene makasitomala anu ambiri adzaumvere. Bingu lomveka mochititsa mantha mu situdiyo litha kungomveka ngati wailesi yasokonekera pa sipika yaing'ono, pamene madontho a m'beseni amamveka bwino paliponse. Mumvetserenso katchulidwe ka dzina la malo ndi la sitolo, chifukwa wolengeza wochokera kwina akalipotoza anthu a pamalopo amaona kuti uthengawo ndi wa alendo.

Za wailesi yoti musankhe ndinena mwachidule. Mawailesi omveka dziko lonse monga MBC, Zodiak ndi Times amafika kutali, koma sitolo ya pa Mponela ikalipira kumeneko ikulipiriranso makutu a anthu a ku Nsanje ndi ku Karonga amene sadzagula lata limodzi kwa Auje. Mawailesi a m'madera, monga Mudzi Wathu ku Mchinji, Dzimwe ku Mangochi kapena ya ku Nkhotakota, amalankhula ndi anthu oyandikira ndipo kawirikawiri mitengo yawo ndi yotsikirapo. Njira yodalirika yodziwira ndi kufunsa makasitomala anu kwa sabata imodzi kuti amamvera wailesi iti komanso nthawi yanji. Mukadziwa, unjikani ndalama zanu pamalo amodzi. Uthenga womveka katatu pa tsiku, nthawi zofanana, kwa masabata atatu pa wailesi imodzi, umakhazikika m'mutu kuposa womwazidwa kamodzi kamodzi pa mawailesi anayi. Funsani ndandanda wa mitengo, chifukwa nthawi zoyandikana ndi nkhani za m'mawa ndi zamadzulo zimakhala zodula kuposa masana, ndipo pemphani kuti nthawi zoulutsira zilembedwe kuti muzitha kutchera khutu nokha.

Uthenga ukayamba kumveka, pakauntala pakhale kope la mizere itatu: tsiku, chiwerengero cha amene abwera ndi muyeso, ndi chiwerengero cha amene agula. Kopeli limakuuzani pamene pali vuto. Ngati patha masiku khumi osabwera aliyense ndi muyeso, yambani mwatsimikiza kuti uthenga ukuulutsidwadi pa nthawi zimene munagwirizana, kenako mukayikire wailesi kapena nthawi imene munasankha. Ngati anthu akubwera koma akunena kuti anasochera kapena anayamba alowa sitolo ina, konzani chizindikiro cha malo, ndipo muonenso ngati chikwangwani cha pakhomo chili ndi dzina lomwelo limene likumveka pa wailesi. Ngati akubwera ambiri, kuwerengeredwa, n'kutuluka ndi kapepala osabweranso, wailesi yagwira ntchito yake ndipo vuto lili pa mtengo wanu, mtundu wa malata anu kapena kalandiridwe ka alendo. Pamenepo kusintha mawu a uthenga sikungathandize kanthu. Kumbukiraninso kuti ena amatenga kapepalako n'kudzabwera patapita masabata awiri ndalama zitakwana, choncho lembani tsiku pa kapepala kalikonse kuti mudzawazindikire.

Okutobala akatha, uthenga wa malata utsike pa wailesi monga munalonjezera, ngakhale utakhala kuti wakuyenderani bwino. Nyengo yotsatira ili ndi nkhawa yake, kaya ndi makasu ndi masipuleya a kumunda, kaya ndi penti wa nyumba pokonzekera zikondwerero, ndipo imafuna uthenga wake ndi pempho lake limodzi. Musanapite ku wailesi ndi uthenga watsopanowo, itanani antchito anu onse m'mawa sitolo isanatsegulidwe, muwawerengere mokweza, ndipo aliyense anene chimene adzachite munthu woyamba akadzalowa n'kunena kuti wamva pa wailesi.